Ntchito yabwera ndi ndalama zopitirira muyezo: mmene ogwira ntchito paokha amaberedwera

Munthu amene amagwira ntchito payekha, kaya ndi yomasulira zolemba, yotayipa mawu ojambulidwa, yokonza zithunzi za malonda kapena yolemba nkhani, amalandira makasitomala ambiri amene sanawaonepo ndi maso. Palibe ofesi imene angapiteko kukadandaula, palibe bwana womuimira, ndipo nthawi zambiri mgwirizano wonse umathera pa imelo kapena pa WhatsApp. Mbava zimadziwa bwino zimenezi, ndipo zimadziwanso kuti munthu amene wakhala miyezi iwiri osapeza ganyu, lendi ikumuyembekezera, sachedwa kuvomera. Ine ndimamasulira zolemba kuchokera m'Chingelezi kupita m'Chinyanja kuno ku Lusaka, ndipo pa chinyengo chonse chimene ndachiona pakati pa anzanga, ndapeza kuti funso lothandiza kwambiri si lakuti kasitomalayu akuoneka wokhulupirika kapena ayi. Funso lothandiza ndi lakuti: chimene akufuna kuti ndipereke, ndingathe kuchibweza nditachipereka, nanga chimene iye wandipatsa, angathe kuchilanda? Pafupifupi nthawi zonse wachinyengo amakupatsani chinthu chimene chingathe kubwerera, ndipo amafuna kwa inu chinthu chimene sichibwerera.

Ndifotokoza nkhani imodzi mwatsatanetsatane, chifukwa zizindikiro zimamveka bwino zikaoneka m'malo mwake. Mwana wa mlongo wanga amakhala ku Chilenje, ndipo atamaliza maphunziro ake anayamba kulandira tintchito tomasulira ndi totayipa. Anaika dzina lake ndi imelo yake pa tsamba lina limene omasulira amadzilengezapo. Tsiku lina analandira imelo yochokera kwa munthu amene ankati ndi mkulu wa bungwe lothandiza pa zaumoyo, lokhala kunja koma logwira ntchito ku Chipata ndi ku Katete. Anati ali ndi kabuku ka mawu 8,000 konena za kadyedwe ka amayi oyembekezera, ndipo akufuna kamasuliridwe m'Chinyanja m'masabata atatu. Mtsikanayo anatchula mtengo wa K1.20 pa liwu lililonse, zonse pamodzi K9,600, ali wokonzeka kutsitsa. Kasitomalayo sananenerere ngakhale ngwee imodzi. Anavomera tsiku lomwelo, nawonjezera kuti bungwe lawo limalipira ndalama zonse ntchito isanayambe, ndipo anapempha nambala ya akaunti ya ku banki pamodzi ndi chithunzi cha chiphaso cha NRC.

Apa pali kale zinthu ziwiri zimene munthu wozolowera ntchitoyi akanaziona. Choyamba, kasitomala weniweni amakhala ndi mafunso okhudza ntchito yeniyeniyo. Amene akufuna kabuku ka anthu a kum'mawa amafunsa ngati mulemba Chinyanja cha m'mabuku kapena cha m'tauni, ngati mutsata kalembedwe ka ku Zambia kapena ka ku Malawi, ngati munamasulirapo za umoyo, ndiponso amene adzawerenge ntchitoyo musanaipereke. Munthu uyu sanafunse chilichonse cha zimenezi, chifukwa kabukuko sikanali kofunika kwa iye. Chachiwiri, mabungwe enieni amavuta pa ndalama. Amafuna invoisi, amafuna nambala ya msonkho ya TPIN, amakusainitsani mapepala, ndipo ambiri amalipira patapita masiku 30 kapena kuposerapo ntchito itatha. Bungwe limene likuthamangira kulipira zonse kwa munthu amene silinamuyesepo silikuchita monga mmene mabungwe amachitira. Sindikunena kuti aliyense wolipiriratu ndi mbava, popeza ifenso timapempha chikole, koma pali kusiyana pakati pa kasitomala amene wavomera chikole mutamupempha ndi amene akukukakamizani ndalama musanazipemphe.

Patapita masiku ochepa, Lachisanu masana, foni ya mtsikanayo inalira. Unali uthenga weniweni wochokera ku banki yake, wonena kuti mu akaunti mwalowa K21,600. Pasanathe ola kunabwera imelo yopepesa kwambiri. Kasitomalayo anati wosunga ndalama wawo walakwitsa, waphatikiza malipiro a womasulira ndi a munthu wodinda kabukuko, ndipo K12,000 yopitirirayo ndi ya wodindayo, amene ayenera kugula mapepala tsiku lomwelo mitengo isanakwere. Anapereka nambala ya foni yoti atumizeko ndalamazo pa Airtel Money, namuuza kuti adzitengerepo K500 ya vuto limene amupatsa. Anawonjezera mawu amene ndimawakumbukira bwino chifukwa ndi amene anamugwira mtima mwanayo: anati wosunga ndalamayo ndi mayi wa ana atatu, ndipo achotsedwa ntchito ngati nkhaniyi ifika kwa akuluakulu.

Mtsikanayo anayesa kusamutsa ndalamazo kuchokera ku banki kupita pa foni, koma zinakana. Atamuuza kasitomala, anayankha kuti mabanki amachedwa Lachisanu, ndalamazo zidzamasuka Lolemba, choncho ayambe watumiza zake kapena abwereke, popeza umboni woti ndalama zalowa ali nawo m'manja. Iye anali atangolandira K6,000 ya chilimba, ndipo anabwera kwa ine madzulo kudzabwereka yotsalayo. Anandionetsa uthenga wa ku banki uja n'kunena kuti, "Amalume, onani nokha, ndalama zilimo, ndikubwezerani Lolemba m'mawa." Ndinamupempha kuti atsegule akaunti yake pa foni, osati uthengawo, ndipo tinaona manambala awiri osiyana. Nambala ya pamwamba inaphatikiza K21,600 ija, koma pa mzere wolembedwa `Available balance`, umene umasonyeza ndalama zimene munthu angathe kuzitapa, panali K340 yokha, imene inalimo kale. M'ndandanda wa zolowa ndi zotuluka, pambali pa K21,600 panali mawu osonyeza kuti chimene chaikidwa ndi cheke.

Apa ndi pamene pagona chinyengo chonse, ndipo n'koyenera kupamvetsa bwino. Cheke si ndalama, koma ndi kalata youza banki ya mwini cheke kuti ilipire. Munthu aliyense wodziwa nambala ya akaunti yanu angathe kulowa m'nthambi ya banki n'kuikamo cheke m'dzina lanu. Banki yanu imalemba kuti chekecho chalandiridwa, ndipo makina ake angathe kukutumizirani uthenga, koma pa nthawiyo banki ya mwini cheke imakhala isanayankhe. Imayenera kuona ngati akauntiyo ili yotsegula, ngati muli ndalama zokwanira, ngati siginecha ili yoona, ndiponso ngati chekecho sichinanenedwe kuti chinabedwa. Yankho likakhala lakuti ayi, nambala ija imafafanizidwa mu akaunti yanu ngati kuti sinalembedwepo. Koma ndalama zimene mwatumiza pa foni zimafika m'kamphindi, ndipo mnzake wa wakubayo amazitapa pa kabuthi kalikonse ka m'mbali mwa msewu mphindi zochepa zisanathe. Mbavayo imangofuna mpata umene uli pakati pa uthenga wa banki ndi yankho la banki inayo, ndipo n'chifukwa chake imakonda Lachisanu masana kapena tsiku loti mawa lake ndi holide, pamene mpatawo umatalika. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo K21,600 ija inali isanafike ngakhale pachala.

Ndinazindikiranso pambuyo pake chifukwa chimene nambalayo inali yotero. Kuyambira mu 2017, cheke chodutsa pakati pa mabanki kuno ku Zambia sichinkaloledwa kupitirira K25,000, choncho wakubayo anasankha ndalama zokhala pansi pa malirewo kuti chekecho chilandiridwe pa kauntala popanda mafunso. Lolemba tinapita ku nthambi ya banki, ndipo mayi wa pa desiki yothandiza makasitomala anatsimikiza kuti chekecho chinali chisanavomerezedwe. Anatiuza kuti tisakhudze chilichonse, nalemba zimene tinafotokoza. M'kati mwa sabata lomwelo chekecho chinabwezedwa ndipo nambala ija inachoka. Ndalama za chilimba zinapulumuka, koma mawu pafupifupi 3,000 amene mtsikanayo anali atamasulira kale usiku ndi usiku anangopita pachabe, ndipo chithunzi cha NRC yake chinatsala m'manja mwa anthu osadziwika, zimene mpaka lero zimandidetsa nkhawa kuposa ntchito yotayikayo.

Wina anganene kuti nkhani ya macheke ndi yakale, makamaka popeza Banki Yaikulu ya Zambia inalengeza kuti kugwiritsa ntchito macheke m'dziko muno kutha mu 2026. N'zoona kuti njira imeneyi ikutsekeka, koma cheke chinali chovala chabe cha chinyengocho, ndipo zovala zina zilipo kale. Chofala kwambiri ndi umboni wabodza wa malipiro, chithunzi kapena fayilo ya PDF yokhala ndi chizindikiro cha banki, dzina lanu ndi nambala ya akaunti yanu, chimene munthu wodziwa kompyuta amachikonza m'mphindi khumi. Kwa makasitomala onena kuti ali kunja, amatumiza pepala lofanana ndi uthenga umene mabanki amatumizirana polipira ndalama za pakati pa maiko pa njira ya SWIFT, wotchedwa MT103, ndipo chifukwa ndalama zochokera kunja zimatenga masiku angapo kuti zifike, amapeza mpata womwe uja wokufulumizitsani. China ndi uthenga wa pa foni wolembedwa mofanana ndendende ndi wa Airtel Money kapena wa MTN, koma wochokera ku nambala wamba ya munthu. Chinanso ndi imelo yooneka ngati ya PayPal, kampani yotumizira ndalama pa intaneti, yonena kuti ndalama zanu zagwidwa mpaka mutalipira kena kake kuti akaunti yanu ikwezedwe. Pa zonsezi mankhwala ake ndi amodzi: musakhulupirire chilichonse chimene wolipirayo wakutumizirani kapena chimene chafika monga uthenga, koma tsegulani nokha akaunti yanu pa njira imene mumaigwiritsa ntchito masiku onse, muone ndalama zimene mungathe kuzitapa.

Pali mtundu wina woopsa kuposa yonseyi, umene ngakhale `Available balance` singakutetezeni. Nthawi zina ndalamazo zimalowadi ndipo zimatapika, koma zachokera mu akaunti ya munthu wina amene waberedwa, kapena pa khadi lobedwa. Mukatumiza zopitirirazo kwa wodinda mabuku wongopeka uja, mwathandiza mbava kutsuka ndalama, ndipo mwini wake akakadandaula, dzina loyamba limene banki ndi apolisi adzalione ndi lanu. Malipiro a pa khadi angathe kubwezedwa patapita miyezi, ndipo pa PayPal wolipira ali ndi masiku 180 oti atsegule dandaulo. Chizindikiro cha ndalama zobedwa zotere n'chakuti dzina la amene watumiza ndalama silifanana ndi dzina la kasitomala kapena la bungwe lake. Choncho ngati ndalama zopitirira zalowadi, musazibweze pa njira ina, ndipo musazitumize kwa munthu wachitatu ngakhale atakuchondererani bwanji. Uzani banki yanu kuti mwalandira ndalama zimene simukuzidziwa, ndipo uzani kasitomalayo kuti apemphe banki yake izibweze pa njira imene zinadzera. Munthu amene walakwitsadi amavomera zimenezi chifukwa ndalama zake zibwerera kwa iye. Amene amakwiya, kuopseza kapena kulira kuti nthawi palibe, ndiye kuti akufuna ndalamazo zituluke pa khomo lina.

Ndisanachoke pa nkhani ya mtsikanayo, pali zinthu ziwiri zimene tinaziona titabwerera ku maimelo aja, zimene aliyense angathe kuziyang'ana ntchito isanayambe. Dzina la bungwelo linali lenileni, ndipo tsamba lake pa intaneti linalipo, koma adiresi ya imelo inali ndi chilembo chimodzi chowonjezera, ndipo poyankha, kalatayo inkapita ku adiresi ina ya Gmail yolembedwa pa mzere wa `Reply-To`. Titafufuza dzina la adiresiyo pa tsamba la WHOIS, limene limasonyeza tsiku limene dzina la pa intaneti linalembetsedwa, tinapeza kuti linali la masabata ochepa chabe, pamene bungwelo lakhalapo zaka zambiri. Njira yachidule kuposa zonsezi ndi kuimbira foni bungwelo pa nambala imene mwaipeza nokha pa tsamba lawo, osati imene ili pansi pa imelo, n'kufunsa ngati munthuyo amagwiradi ntchito kumeneko. Ngati kasitomala akuti ndi kampani ya m'dziko muno, dzina lake liyenera kupezeka ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa makampani, ngakhale kuti kupezeka kwa dzina sikutsimikiza kuti amene akukulemberani ndi wa kampaniyo.

Tsopano ndinene za kuba kwa mtundu wachiwiri, kumene anthu ambiri sakuwerengera ngati kuba chifukwa palibe ndalama imene imatuluka m'thumba. Uku ndi kugwiritsidwa ntchito yaulere m'dzina la mayeso. Ntchito yomalizidwa ili ngati ndalama za pa foni pa mfundo imodzi yokha yofunika: mukangotumiza fayilo, simungathe kuiitanitsanso. Lonjezo la ntchito yaikulu imene ikubwera mukapambana mayeso, ilo lingathe kusowa nthawi iliyonse popanda wina kuyankhapo mlandu.

Kuyesa munthu si kulakwa, ndipo ineyo ndikafuna wondithandiza ndimamuyesa. Pa ntchito yomasulira, makampani ambiri odziwika amapereka mayeso a mawu 200 mpaka 300, kamodzi kokha, ndipo mawu amenewo amakwanira kuti munthu wodziwa chilankhulo aone ngati mukutha. Mayeso enieni ali ndi maonekedwe ake. Kawirikawiri ndi ndime ziwiri kapena zitatu zotengedwa m'malo osiyana, zosankhidwa chifukwa muli misampha, monga mawu a zamankhwala, chiganizo chachitali chovuta kuchimasula, kapena mwambi wosamasulirika liwu ndi liwu. Aliyense wofunsira amalandira ndime zomwezo, popeza cholinga ndi kuyerekeza anthu. Nthawi imene amakupatsani imakhala yomasuka, ndipo pamapeto amakuuzani ngati mwapambana kapena ayi, ena mpaka amakubwezerani pepala losonyeza zolakwa.

Mayeso abodza amaoneka mosiyana mukawayang'anitsitsa. Ndimezo zimakhala zotsatizana, zoyambira pakati pa mutu n'kukathera pakati pa mutu wina, mwachitsanzo tsamba 14 mpaka 17 la chikalata chachitali. Pamakhala tsiku ndi ola lenileni loti mupereke, ngati kuti pali wina amene akudikira. Amakuuzani kuti musunge kaonekedwe ka tsamba, matebulo ndi manambala a mitu, zinthu zimene sizithandiza kuyesa chilankhulo koma zimathandiza kwambiri pophatikiza zidutswa. M'gulu lathu la omasulira la pa WhatsApp, mnzathu wina anadandaula tsiku lina kuti anachita mayeso a mawu 900 ndipo sanamvenso kanthu. Wachiwiri anayankha kuti nayenso anayesedwa ndi munthu yemweyo, kenako wachitatu ndi wachinayi. Titaika mafayilo athu pamodzi, tinapeza kuti chiganizo chimene chinadukira pa tsamba lomaliza la mmodzi chinkapitirira pa tsamba loyamba la mnzake. Linali buku limodzi la malangizo a ulimi, logawidwa kwa anthu ambiri, ndipo aliyense ankaganiza kuti iye yekha ndi amene walephera mayeso. Mfundo imeneyi imandipweteka kwambiri, chifukwa kuwonjezera pa kuberedwa ntchito, munthu amatsala akudzikayikira, osadziwa kuti panalibe ntchito yoti aipambane.

Mtundu wina sufuna anthu ambiri, umangofuna munthu mmodzi woleza mtima. Mayeso oyamba amakhala aang'ono, ndipo amakuyamikirani. Kenako amati mkulu wina akufuna kuona mmene mumachitira pa nkhani ya mtundu wina. Pambuyo pake amati kasitomala wawo wapempha kuti mukonze pang'ono zimene munatumiza, ndipo apa mpamene muyenera kuima, chifukwa mayeso alibe kasitomala. Ngati pali munthu amene akupempha zokonza, ndiye kuti ntchito yanu ikugwiritsidwa ntchito ndipo wina akulandirapo ndalama. Okonza zithunzi amakumana nazo zimenezi kawirikawiri: chizindikiro cha kampani chimodzi, kenako mitundu itatu yosiyana, kenako fayilo yoti n'kusinthika, ndipo sabata lotsatira chizindikirocho chili pa chikwangwani cha shopu ku Kamwala. Otayipa mawu ojambulidwa amapatsidwa mphindi 30 za zokambirana monga mayeso, pamene mphindi 30 zotere zimadya maola awiri kapena atatu a ntchito, ndipo mphindi 3 mpaka 5 zikanakwanira kuonetsa luso la munthu.

Ndiyenera kunena mwachilungamo kuti si onse opempha mayeso aatali amene ali mbava zokonzekera. Ena ndi anthu osadziwa mmene ntchitoyi imayendera, ena alibe ndalama koma akuyembekeza kuti azipeza, ndipo ena amangozengereza kusankha. Koma kwa wogwira ntchitoyo zotsatira zake n'zofanana, ndipo ubwino wake ndi wakuti simuyenera kudziwa mtima wa munthu kuti mudziteteze. Mumangoika malire asanatumize fayilo. Ine ndimayankha kuti ndine wokonzeka kuchita mayeso amodzi aulere osapitirira mawu 300, kuti ndikufuna tigwirizane kaye mtengo wa ntchito yeniyeniyo ndisanawachite, ndiponso kuti chilichonse chopitirira pamenepo ndi ntchito yoyesera yolipidwa pa mtengo womwewo. Kugwirizana mtengo mayeso asanachitike n'kofunika kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa palinso makampani amene amakuyesani mpaka mutapambana, kenako n'kutchula mtengo umene simukanauvomera pachiyambi. Akanditumizira masamba anayi, ndimasankha ndekha ndime imodzi ya pakati n'kumasulira yokhayo. Wofuna kuona luso langa amakhutira nayo, pamene wofuna masamba anayiwo amasowa nayo chochita. Wokonza zithunzi angathe kuchita chimodzimodzi potumiza chithunzi chaching'ono chokhala ndi dzina lake lodutsa pakati, fayilo yeniyeni n'kuisunga mpaka malipiro atalowa.

Amene amapeza ntchito pa masamba monga Upwork ali ndi chitetezo china chimene ambiri amachitaya okha. Pa ntchito ya mtengo wokhazikika, kasitomala amaikiratu ndalama m'manja mwa tsambalo, ndipo mumatha kuona kuti gawo la ntchitolo lalipiriridwa musanayambe. Malamulo a tsambalo amaletsa kupempha ntchito yaulere, ndipo amaletsanso kulipirana kunja kwa tsamba. N'chifukwa chake uthenga woyamba wa wachinyengo kawirikawiri umakhala woti mukambirane pa Telegram kapena pa WhatsApp, ati kuti mupewe ndalama zimene tsambalo limadula. Ndalama zodulidwazo zimapweteka ndithu, koma mukangotuluka, palibenso amene angakuweruzireni mlandu. Kwa omasulira, tsamba la ProZ lili ndi gawo lotchedwa Blue Board, pamene omasulira amalemba mmene makampani anawalipirira, ndipo ndi bwino kuyang'anapo dzina la kampani musanavomere, mukukumbukira kuti mbava zimabwerekanso mayina a makampani a mbiri yabwino.

Kwa kasitomala watsopano wa kunja kwa masamba oterewa, njira imene yandithandiza ndi kugawa ntchito m'zigawo kuti pasakhale nthawi imene mbali imodzi yapereka zambiri kuposa inzake. Pa kabuku ka mawu 8,000 ngati kaja, ndikanapempha chikole cha gawo limodzi mwa magawo atatu, K3,200, n'kudikira mpaka ndalamazo zitatapika ndipo dzina la wotumiza litafanana ndi la kasitomala. Ndikanapereka mawu pafupifupi 2,700 oyamba, n'kulandira gawo lachiwiri, n'kupitiriza motero mpaka kumapeto. Mwanjira imeneyi, zikavuta, chimene ndingataye sichiposa ntchito ya masiku ochepa, ndipo kasitomala nayenso sataya zambiri ngati ine ndi amene ndingamukhumudwitse. Mabungwe akuluakulu ambiri savomera chikole chifukwa malamulo awo a ndalama sawalola, ndipo kwa iwo chimene chimalowa m'malo mwa chikole ndi kalata yoitanitsa ntchito kapena mgwirizano wosainidwa, wochokera ku adiresi imene mwaitsimikiza poimba foni. Chithunzi cha NRC musachipereke mgwirizano wotere usanafike, ndipo nambala yachinsinsi ya pa foni kapena nambala yotsimikizira imene banki yakutumizirani musaiuze munthu aliyense, popeza palibe amene amafunika manambala amenewo kuti akulipireni. Chimodzimodzinso musapereke ndalama zolembetsera, zogulira pulogalamu kwa munthu amene iwo amusankha, kapena zoti malipiro anu atuluke: pa ntchito yeniyeni ndalama zimachokera kwa kasitomala kubwera kwa inu.

Ngati mwatumiza kale ndalama, ola loyamba ndi limene lili ndi mwayi. Imbirani kampani ya foni kapena banki yanu nthawi yomweyo, muwapatse nambala ya malipirowo imene ili mu uthenga wotsimikizira, ndipo mupemphe kuti agwire ndalamazo ngati zisanatapidwe. Musafafanize uthenga uliwonse, imelo kapena nambala, ndipo jambulani zokambirana za pa WhatsApp ndi pa Telegram mwamsanga, chifukwa winayo angathe kufafaniza mbali yake. Nambala ya wachinyengoyo inenezeni ku ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti, poimba `*707#`, ndipo kanenani ku polisi kuti mukhale ndi lipoti, limene lidzakuthandizani kwambiri ngati ndalama zimene zinadutsa mu akaunti yanu zinali zobedwa kapena ngati NRC yanu idzagwiritsidwa ntchito molakwika. Uzaninso anzanu a ntchito yofanana, mutchule adiresi ya imelo ndi mutu wa chikalatacho, chifukwa kalata yomweyo imatumizidwa kwa anthu ambiri sabata lomwelo. Pakapita masiku, mwina mudzalandira foni kapena uthenga kuchokera kwa munthu wonena kuti ndi wa ku banki, wapolisi kapena katswiri wobweza ndalama zobedwa, ndipo adzadziwa ndendende kuchuluka kwa zimene munataya. Amadziwa chifukwa kawirikawiri ndi gulu lomwelo kapena anthu amene agula dzina lanu kwa iwo, ndipo adzapempha kandalama kochepa kotsegulira fayilo yanu. Dulani foniyo, kenako muimbire nokha banki pa nambala imene ili kumbuyo kwa khadi lanu.